Kuyeza Kulemera kwa Ufa ndi Kusandutsa Zikho Kukhala Magalamu

Kapu ya ufa ndi kapu ya mchere zimatenga malo ofanana, koma zikaikidwa pa sikelo, mchere umalemera pafupifupi kawiri kuposa ufa. N'chifukwa chake malangizo olembedwa m'magalamu sangatsatidwe pongowerenga zikho kapena masupuni, pokhapokha zitadziwika kuti mililita imodzi ya ufawo imalemera magalamu angati. Nambala imeneyi imapezeka ndi zinthu zitatu: sikelo yowerenga magalamu, kapu ndi madzi.

Choyamba ndi kudziwa kukula kwa kapu. Apa madzi amathandiza chifukwa mililita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi ndendende galamu imodzi. Kapu imayezedwa yopanda kanthu, kenako imadzazidwa madzi mpaka pakamwa n'kuyezedwanso. Ngati yopanda kanthu inali magalamu 40 ndipo ndi madzi yafika magalamu 290, ndiye kuti madzi okha ndi magalamu 250, kutanthauza kuti kapuyo imalowa mamililita 250. Nambala zolembedwa m'mbali mwa makapu ena si zodalirika nthawi zonse, choncho kuyeza ndi madzi kumachotsa chikayiko.

Kapu ikauma bwinobwino, imadzazidwa ufa. Ufawo uyenera kuthiridwa pang'onopang'ono mpaka utapanga kaphiri, kenako kaphiriko kamachotsedwa podutsitsa msana wa mpeni pakamwa pa kapu kuti pamwamba pakhale posalala. Kapu yomwe ija, itadzazidwa ufa wa chimanga, ikhoza kulemera magalamu 190. Pochotsapo magalamu 40 a kapu pamatsala magalamu 150 a ufa. Kugawa 150 ndi 250 kumapereka 0.6, ndiye kuti mililita iliyonse ya ufawo ndi magalamu 0.6, ndipo lita imodzi ndi magalamu 600. Kuyeza kamodzi sikukwanira. Ndi bwino kukhuthula ufa n'kubwereza katatu: zotsatira zikakhala 147, 150 ndi 153, nambala zitatuzo zimaphatikizidwa n'kugawidwa ndi 3, ndipo yankho ndi 150. Zikatalikirana kwambiri, monga 140 ndi 170, vuto lili pa kadzazidwe, osati pa sikelo.

Nambala ya 0.6 ikapezeka, chotungira chilichonse chimasanduka muyezo wa magalamu. Chikho cholowa mamililita 60, omwenso amadziwika poyeza ndi madzi, chimanyamula magalamu 36, chifukwa 60 kuchulukitsa ndi 0.6 ndi 36. Wophika phala amene akufuna magalamu 900 a ufa amagawa 900 ndi 36 n'kupeza zikho 25. Supuni yaikulu yoyezera, ya mamililita 15, imanyamula magalamu 9, pomwe yaing'ono ya mamililita 5 imanyamula magalamu 3.

Cholakwika chachikulu chimachokera ku mpweya umene umakhala pakati pa timisere ta ufa. Nambala ija si ya ufa wokha ayi, ndi ya ufa pamodzi ndi mipata yake. Kapu ikagogodedwa patebulo kapena ufa ukatsenderedwa ndi dzanja, mipata imachepa, ufa umatsika, ndipo malo otsalawo amalandira ufa wina. Ufa wokha wa m'kapu yomweyo ukhoza kufika magalamu 180, ndiye kuti 0.72 pa mililita. Chikho chija chodzazidwa motero chimanyamula magalamu oposa 43, ndipo zikho 25 zimapereka magalamu 1,080 m'malo mwa 900. Ufa wongosefedwa kumene umapita kwina: umakhala wotakasuka ndipo umapepuka. Choncho mmene kapu inadzazidwira poyeza ndi mmenenso chikho chiyenera kudzazidwira tsiku lililonse. Kuviika chikho m'thumba mwamphamvu n'kutsendera kale, ngakhale wotungayo sakuzindikira.

Nambala ya ufa wina sigwira ntchito pa ufa wina. Mgaiwa, ufa woyera, ufa wa soya ndi ufa wa tirigu umasiyana kagayidwe, ndipo ngakhale chimanga chimodzi chogayitsidwa pa zigayo ziwiri chingapereke zotsatira zosiyana. M'nyengo ya dzinja ufa umayamwa chinyezi n'kupanga mibulu, kotero thumba latsopano, kapena limene lakhalitsa, limafunika kuyezedwanso.

Sikelo nayo ili ndi malire ake. Yambiri ya kukhitchini imawerenga galamu imodziimodzi, ndipo kuphonya kwa galamu imodzi pa supuni ya magalamu 3 n'kwakukulu. Njira yabwino ndi kutunga masupuni 10 osalazidwa, kuwayeza pamodzi, n'kugawa ndi 10. Pa mankhwala a ufa, monga othira m'chimanga poteteza anankafumbwe kapena a odwala, kuwerengera kotere sikulowa m'malo mwa muyezo wolembedwa pa paketi ndi kasupuni kamene kabwera ndi mankhwalawo, ndipo ziwiya zokhudza mankhwala ophera tizilombo sizibwereranso ku chakudya.