Kulemba uthenga woti foni iwerengere munthu wosaona

Munthu wosaona akalandira meseji, foni imamuwerengera mokweza. Pa mafoni a Android ntchitoyi imagwiridwa ndi TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver, ndipo pa kompyuta ambiri amadalira JAWS kapena NVDA, pulogalamu yaulere yomwe inayambidwa mu 2006 ndi Michael Curran, munthu wosaona wa ku Australia. Mapulogalamuwa amatchula zomwe zalembedwa motsatira malamulo a chilankhulo cha mawu omwe aikidwa mufoniyo. Zomwe wolemba ankafuna kunena sazidziwa. Mafoni ambiri kwathu kuno alibe mawu a Chichewa, choncho uthenga wathu umawerengedwa ndi mawu a Chingerezi. Apa mpomwe pamayambira mavuto, ndipo ambiri mwa iwo wolemba angathe kuwapewa.

Tiyeni titenge uthenga wa mtundu womwe umayenda tsiku ndi tsiku m'magulu a WhatsApp. Mlembi wa banki m'khonde walemba motere:

```
MSONKHANO!!! 🙏🙏🙏
Tikumane pa 03/04, 2-4pm
Kwa Mf. (osachedwa)
Chopereka K5 000
```

Woona akangoponyapo maso wamva zonse. Womvetsera akukumana ndi zina. Kachithunzi ka manja opemphera kali ndi dzina lake la Chingerezi, ndipo foni imatchula dzinalo, nthawi zina katatu konse, munthu asanamve n'komwe kuti nkhani ndi yotani. Deti la 03/04 mawu ena amalitchula ngati manambala awiri okhala ndi kamzere pakati, pomwe mawu a Chingerezi cha ku America angathe kulitenga ngati 4 Malichi, chifukwa kumeneko amayamba ndi mwezi. Mayi yemwe wamva zimenezi angaganize kuti msonkhano unachitika kale. Kamzere ka pakati pa 2 ndi 4 kamatha kudumphidwa, n'kungomveka "thuu folo". Chidule cha "Mf." foni siichidziwa, ingotchula zilembo. Ndalama nazo zasokonekera: mpata womwe uli pakati pa 5 ndi 000 ungachititse foni kuona manambala awiri osiyana, n'kunena "faifi", kenako maziro paokha.

Uthenga womwewo ungalembedwe chonchi:

```
Kuli msonkhano wa banki m'khonde.
Tsiku lake ndi Lachinayi, pa 3 Epulo.
Tidzayamba 2 koloko masana, n'kumaliza 4 koloko.
Malo ndi kwa amfumu. Chonde tisachedwe.
Aliyense abweretse makwacha 5,000.
```

Watalikirapo, koma palibe chomwe foni ingachite kuganizira yokha. Mwezi walembedwa dzina lake, ndipo dzina la tsiku laikidwa kuti likhale mboni ya deti. Manambala asiyidwa momwe alili, ndipo apa tili ndi mwayi: ambirife ndalama, nthawi ndi madeti timazitchula m'Chingerezi, motero "faifi sauzande" ya foni ikumveka ngati momwe timanenera pamsika. Chofunika n'kuchotsa K uja n'kulemba mawu akuti makwacha, komanso kulemba nambala mosadula.

Chomwe anthu ambiri sachidziwa ndi nkhani ya kupuma. Foni imapuma ikapeza mpumiro, ndipo imapumako pang'ono ikapeza mpatuliro. Kungoyamba mzere watsopano sikutsimikizira kuti ipuma. Mu uthenga woyamba uja mizere itatu ilibe mpumiro, choncho mawu angathamange kuchokera pa nthawi, kudzera pa malo, mpaka pa ndalama ngati chiganizo chimodzi. Mikutiro nayo kawirikawiri simveka, ndiye mawu akuti "osachedwa" amangomatirira pa mawu oyandikana nawo. Ichi n'chifukwa chake mzere uliwonse wa uthenga wachiwiri watha ndi mpumiro, ndipo uliwonse wanyamula mfundo imodzi yokha: tsiku, nthawi, malo, ndalama. Diso limatha kubwerera m'mbuyo mwachangu likasochera, koma womvetsera akaphonya nthawi amayenera kuyambiranso uthenga wonse. Mutu wa nkhani ukhale m'chiganizo choyamba, monga amachitira owerenga mauthenga a maliro pa wailesi, omwe amayamba atchula womwalira asanafike pa za maliro ake. Nambala ya foni ndi yosiyana ndi ya ndalama: iyo idulidwe m'magulu a manambala atatu kapena anayi, kuti womvera apeze mpata woisunga m'mutu.

Tsopano funso lovuta. Mawu a Chingerezi amapotoza Chichewa. Amakonda kumeza e wa kumapeto, motero "kale" amamveka "keyilo" ndipo "make" amamveka "meyiki". Ena akaona zimenezi amafuna kuthandiza polemba mawu mopotoka, kuwonjezera zilembo kapena kuwadula ndi timizere, kuti foni iwatchule bwino. Ine ndikuti musatero pa uthenga wopita kwa anthu. Chomwe chakonza katchulidwe pa foni yanu chingauwononge pa foni ya mnzanu, chifukwa mawu oikidwa m'mafoni ndi osiyanasiyana. Komanso anthu omwe amagwiritsa ntchito mapulogalamuwa tsiku lililonse makutu awo anazolowera momwe foni imapotozera Chichewa, ndipo mawu akawavuta amatha kuuza foni kuti itchule chilembo chimodzichimodzi. Mukalemba mopotoka mwawalanda njira imeneyo. Yemwe amawerenga ndi zala pa kachipangizo ka zilembo za anthu osaona, naye akumana ndi kalembedwe kolakwika. Womvetsera ali ndi zida zake: mu NVDA, mwachitsanzo, muli malo omwe munthu amaphunzitsa pulogalamuyo katchulidwe ka mawu omwe amakumana nawo kawirikawiri. Udindo wa wolemba ndi kulemba Chichewa cholondola, nkhodolero ya mu "ng'ombe" ili pamalo pake, osati "bwnj" kapena "zkm".

Zimasintha pamene inuyo ndi amene mukupanga mawu oti anthu angomvera, monga uthenga wojambulidwa womwe umamveka munthu akaimba foni ku ofesi. Pamenepo zolembazo palibe adzazione, ndipo mawu owerenga mwasankha nokha, choncho mungapotoze kalembedwe momwe mungafunire mpaka zimveke bwino. Mapulogalamu ambiri otere amalandiranso malangizo a SSML, omwe amakulolani kuyeza kupuma:

```
Lachinayi, pa 3 Epulo. <break time="700ms"/> Kwa amfumu.
```

Apa mawu aima pang'ono, osakwana sekondi imodzi, asanatchule malo.

Pali zinthu ziwiri zomwe kukonza ziganizo sikungazipulumutse. China ndi zilembo zokongoletsa zomwe anthu amakopera pa intaneti, zopendekeka kapena zokhuthala modabwitsa. Foni imaziona ngati zizindikiro za masamu, ndipo imatchula mayina ake ataliatali kapena kuzidumpha. China ndi chidziwitso chomwe chatumizidwa ngati chithunzi chokha, monga positala ya ukwati. Kawirikawiri womvetsera amangouzidwa kuti pali chithunzi. Mukatumiza positala, lembani tsiku, nthawi ndi malo m'mawu pansi pake.

Musanatumize chidziwitso chofunika, chimvereni nokha. Pa Android lowani mu Settings, kenako Accessibility, n'kuyatsa Select to Speak, yomwe imawerenga zomwe mwaloza popanda kusintha kagwiridwe ka foni monga imachitira TalkBack. Yang'anani kumbali foni ikuwerenga, kenako dzifunseni ngati mwagwira tsiku, nthawi, malo ndi ndalama. Pomwe mwakakamizika kusuzumira pa sikirini, pamenepo lembaninso. Ndipo ngati m'gulu lanu muli munthu wosaona, mufunseni momwe mauthenga anu amamvekera pa foni yake.