Sipulingi imafupika mpaka pati? Kuwerengera utali wake pogwiritsa ntchito waya, mphete ndi pichi

Masipulingi awiri akhoza kukhala olingana msinkhu mutawaimika pa tebulo, koma ina n'kugwira ntchito bwinobwino mu injini pamene inzakeyo ikupinda zitsulo. Chifukwa chake n'chakuti sipulingi yopanikiza ili ndi utali wamitundu iwiri. Woyamba ndi umene timauona ikangokhala payokha popanda choipsinja. Wachiwiri ndi umene imatsala nawo ikapanikizidwa mpaka waya yense atagundana, osasiya mpata. Wogula ambiri amayeza woyamba wokha, pomwe umene umawononga katundu ndi wachiwiriwu.

Tikunena pano za sipulingi imene imagwira ntchito pofinyidwa, monga ya m'cholembera cha kabatani, ya pansi pa chishalo cha njinga, kapena ya pa valavu ya injini ya jenereta. Kuti tidziwe mautali awiri aja tikufunika zinthu zitatu zokha.

Choyamba ndi kunenepa kwa waya, kumene m'masamu timakulemba d. Chachiwiri ndi chiwerengero cha mphete. Waya akazungulira kamodzi n'kufika pamwamba penipeni pa pamene anayambira, imeneyo ndi mphete imodzi. Powerenga, yambani pa nsonga ya waya n'kumamutsatira ndi chala kapena ndi nsonga ya pensulo mpaka nsonga inayo. Chachitatu ndi pichi, p, umene ndi mtunda wochokera pakati pa waya wa mphete imodzi kufika pakati pa waya wa mphete yotsatira. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa amayeza mpata wopanda kanthu umene uli pakati pa mphete ziwiri n'kuutcha pichi. Mpatawo ndi wocheperapo. Pichi ndi mpatawo kuphatikizapo kunenepa kwa waya mmodzi, kotero mpata weniweni ndi p − d.

Tsopano tayang'anani kumapeto kwa sipulingi. Pa masipulingi ambiri mphete yomaliza ya mbali iliyonse imakhala yotsamira pa inzake, yopanda mpata. Amaipanga choncho kuti sipulingi iziima chilili. Mphete ziwirizi sizifupika chifukwa zinagundana kale. Ndi zongokhalira. Ndiye ngati mphete zonse pamodzi zili Nt, zogwira ntchito, zimene timazilemba Na, zimakhala Nt − 2. Pa masipulingi a m'mainjini mphete zomalizazo amazipalanso pa galayinda kuti zikhale zosalala ngati pansi pa kapu. Za m'zolembera kawirikawiri sazipala.

Titenge sipulingi ya valavu monga chitsanzo chathu. Waya wake ndi wa mamilimita 3, mphete zonse zilipo 7, pichi ndi mamilimita 7, ndipo mapeto ake ndi otseka ndi opala. Mphete zogwira ntchito zilipo 5.

Utali wake ikafinyika kotheratu, Ls, ndi wosavuta kuupeza. Mipata yonse yatha, chatsala ndi waya wosanjikizana basi:

```
Ls = d × Nt = 3 × 7 = 21
```

Utali wake ikakhala yomasuka, L0, timaupeza pophatikiza zigawo ziwiri. Mphete iliyonse yogwira ntchito imatenga malo a pichi imodzi, ndipo mphete ziwiri zongokhalira zija zimatenga malo a waya mmodzimmodzi:

```
L0 = p × Na + 2d = 7 × 5 + 6 = 41
```

Choncho sipulingiyi ndi ya mamilimita 41 ikamasuka, ndi mamilimita 21 ikafinyika kotheratu. Ulendo wonse umene ingayende ndi mamilimita 20. Yankho lomweli mungalipeze mwanjira ina, imenenso ndi yabwino potsimikizira masamu anu: pali mipata 5 yotseguka, uliwonse wa mamilimita 7 − 3, kutanthauza 4, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 4 ndi 20. Sipulingi simafupika chifukwa waya akuphwanyika ayi. Imangotseka mipata imene ili nayo, ndipo mipatayo ikatha ulendo watha.

Nanga mapeto akakhala otseka koma osapala? Pamenepo masamu amasintha pang'ono:

```
Ls = d × (Nt + 1)
L0 = p × Na + 3d
```

Waya mmodzi wowonjezerayu asakudabwitseni. Ganizani za mpanda: mipata 7 imafuna mizati 8. Momwemonso waya akazungulira maulendo 7, mukayang'ana cha m'mbali pamene pali nsonga zake muwerenga mawaya 8 osanjikizana. Kupala kumachotsa pafupifupi theka la waya kumwamba ndi theka lina kunsi, zimene pamodzi zikukwana waya mmodzi. Sipulingi yathu ija ikanakhala yosapala ikanakhala ya mamilimita 44 yomasuka ndi 24 yofinyika. Onani kuti ulendo wake ukadali 20. Kupala kumasintha malo amene sipulingi ikufuna, osati mtunda umene imayenda.

Tiyeni tsopano tiiike mu injini. Sipulingi ya valavu simakhala yomasuka ikamangidwa. Amaifinya kale pang'ono kuti izikoka valavu kukhala yotseka. Tinene kuti malo ake, valavu ili chitsekere, ndi mamilimita 34, ndipo valavu ikatseguka imatsika ndi mamilimita 8. Ndiye kuti pa nthawi imene valavu yatseguka kwambiri, sipulingi iyenera kukwana m'malo a mamilimita 26. Yathu ija imathera pa 21, choncho yatsala ndi mamilimita 5 opumira. Zili bwino. Mabuku a zaumisiri amalangiza kusiya malo opumira okwana pafupifupi 15 peresenti ya mtunda umene sipulingi ikufinyidwa pa ntchito. Pano ikufinyidwa kuchoka pa 41 kufika pa 26, mamilimita 15, ndiye mamilimita awiri ndi pang'ono akanakwanira.

Tsiku lina sipulingiyi yathyoka. Mwini jenereta wapita nayo kumsika wa zitsulo, ndipo wogulitsa wamupezera ina yolowa bwino pa valavu, yolingana nayo msinkhu ndendende, mamilimita 41. Waya wake ndi wonenepako pang'ono, mamilimita 3.5, ndipo mphete zake zilipo 8. M'maso imeneyi ikuoneka yolimba kuposa yakale, ndipo ambiri angaikonde pa chifukwa chomwecho. Koma tawerengani: 3.5 kuchulukitsa ndi 8 ndi 28. Sipulingi yatsopanoyi singafupike kuposa mamilimita 28, pamene injini ikufuna kuti ifike pa 26. Ulendo wake wonse ndi mamilimita 13 okha, pomwe pakufunika 15.

Mamilimita awiri ndi kanthu kakang'ono, kochepera makulidwe a mbewu ya mpunga m'litali, koma injini ilibe nawo chifundo. Mphete zikagundana, sipulingi yasanduka paipi yachitsulo. Lamulo la Hooke limene mumaphunzira mu Fizikisi, lakuti kufupika kumayenderana ndi mphamvu yopsinja, limathera pomwepo: muwonjezere mphamvu motani, utali susintha. Koma kamushafuti ikukankhabe kuti valavu itsike mamilimita 8 ake onse, ndiye china chake chiyenera kugonja. Pa mainjini aang'ono a jenereta kawirikawiri chimapindika ndi kandodo kachitsulo kokankha valavu, kapena kamkono kopanikiza valavuyo kamathyoka. Ndalama yokonzera zimenezi imaposa kutali mtengo wa sipulingi.

Vutoli lili ndi zizindikiro. Mukamanga sipulingi yatsopano, chotsani pulagi n'kuzungulitsa injini pang'onopang'ono ndi dzanja musanailize. Ikalimba mwadzidzidzi pa nthawi imene valavu ikutsika, imani pomwepo, musakakamize. Ikazungulira, iimitseni pamene valavu yatseguka kwambiri ndipo muone ngati kuwala kukudutsa pakati pa mphete za pakati. Pa sipulingi imene yakhala ikugundana kwa nthawi, mupeza timizere tonyezimira pamwamba ndi pansi pa waya, pamene mphete zakhala zikumenyana.

Pali njira inanso imene anthu amagwera m'dzenje lomweli. Sipulingi ikakalamba imafooka, n'kufupika pang'ono ngakhale ili yomasuka. Waya ndi yemweyo, mphete ndi zomwezo, choncho utali wofinyika sunasinthe. Chachepa ndi pichi. Mukaiyeza n'kupeza 39 m'malo mwa 41, bwererani m'mbuyo ndi masamu aja: chotsani 6, patsala 33, gawani ndi 5, pichi yatsika kufika pa 6.6. Amakaniko ena amaika washala pansi pa sipulingi yotere kuti iyambenso kukoka. Nzeruyi imathandiza kwa kanthawi, koma washala aliyense amadya malo. Wa mamilimita 2 amachepetsa malo aja kuchoka pa 26 kufika pa 24, ndipo patsala 3 opumira. Mukasanjikiza atatu otere malo atsala 20, pomwe sipulingi ikuthera pa 21.

Kayezedwe nakonso kamafuna kusamala. Rula ya m'kalasi imakwanira poyeza utali womasuka, koma siingasiyanitse bwino waya wa 3 ndi wa 3.5, ndipo mwaona kale kuti theka la milimita limachulukitsidwa ndi mphete zonse. Pa waya gwiritsani ntchito veniya kalipa. Pa pichi musayeze mphete imodzi yokha: yezani kudutsa mphete zinayi za pakati, kuchokera pamwamba pa waya kufika pamwamba pa waya, kenaka mugawe ndi 4. Yankho la Ls lizitengedwa ngati loyandikira, chifukwa penti, dzimbiri ndi kapalidwe ka mapeto zimalisuntha pang'ono, ndipo n'chifukwa chake timasiya malo opumira. Ena amakonda kutsimikiza pofinya sipulingi mu vaisi. Zimatheka, koma sipulingi yolimba ikapulumuka imauluka ngati mwala wa legeni ndipo ikhoza kuphulitsa diso. Ophunzira, inu yeserani pa ya m'cholembera, mutaiveka pa msomali woonda kuti isapindike kapena kudumpha.

Masamuwa ndi a sipulingi yoongoka, ya mphete zolingana kukula ndi zotalikirana mofanana. Masipulingi ena a mavalavu ali ndi mphete zothithikana mbali imodzi ndi zotayana mbali inayo. Pa amenewo utali wofinyika mungauwerengebe pochulukitsa waya ndi mphete, koma womasuka ndi bwino kungouyeza, chifukwa palibe pichi imodzi yoti mugwiritse ntchito. Kasipulingi kokankha batire mu tochi kapena mu rimoti nako n'kosiyana: mphete zake zimanka zichepa kukula, ndiye zikafinyidwa zimalowana m'malo mosanjikizana, moti kakhoza kuphwatalala mpaka kutsala pang'ono kulingana ndi kunenepa kwa waya mmodzi.