Kuika munthu pa chithunzi chimene sanajambulitse nawo

Tiyerekeze kuti ukwati wachitika malume a mkwatibwi ali ku Joni, ndipo abale akufuna kuti pa chithunzi cha banja lonse nawonso aonekepo. Ntchito yotere amaigwira anthu a m'masitudiyo ndi pulogalamu ya Photoshop kapena ya GIMP, imene ndi yaulere. Luso lake ndi lakale kuposa makompyuta: mu 1857 Oscar Rejlander, wojambula wa ku Mangalande, anaphatikiza zithunzi zoposa 30 n'kupanga chimodzi. Ambiri amaganiza kuti chovuta ndi kudula munthuyo bwinobwino, koma kudula ndi gawo laling'ono. Chimene chimaulula chinyengo nthawi zambiri ndi kuwala, msinkhu wa kamera ndi chithunzithunzi cha kumapazi.

Nchifukwa chake ntchito imayambira pa kusankha chithunzi cha malumewo. Yambani mwayang'anitsitsa chithunzi cha ukwaticho. Tinene kuti anthu aima pabwalo la tchalitchi madzulo, dzuwa likuwomba kuchokera kumanzere, ndipo zithunzithunzi zawo zagwera kumanja. Chithunzi cha malume chiyenera kukhala cha panja, chowala mbali yomweyo, ndipo aoneke thupi lonse mpaka nsapato. Chojambulidwa m'nyumba usiku ndi kuwala kwa foni sichingagwirizane ndi dzuwa la madzulo ngakhale mutachikonza motani, chifukwa pulogalamu imatha kusintha mtundu wa kuwala koma kusamutsa kumene kukuchokera n'kovuta zedi. Ngati dzuwa linawawomba kumanja, mutha kutembenuza chithunzicho ndi Flip Horizontal, koma onetsetsani kaye kuti pa malaya palibe zolemba, poti zidzawerengeka chobwerera, ndipo wotchi ndi mphete zidzasamukira kudzanja lina. Ngati malumewo angathe kujambulitsa chatsopano, auzeni mbali ya dzuwa ndi nthawi yake, ndipo atumize pa WhatsApp ngati Document, chifukwa chotumizidwa mwachizolowezi chimapanikizidwa n'kutaya kuoneka bwino kwake.

Mfundo yachiwiri ndi msinkhu wa kamera. Wojambula akaima pamalo athyathyathya kamera ili pamaso pake, mzere umene thambo limakumana ndi dziko umadutsa cha pamitu ya anthu onse oima, kaya ali pafupi kaya ali patali. Akagwada, mzerewo umatsikira cha m'chiuno mwawo. Munthu wojambulidwa kuchokera pamwamba amaonetsa liwombo ndi pamwamba pa nsapato, pamene wojambulidwa kuchokera pansi amaonetsa kunsi kwa chibwano. Mukasakaniza ziwirizi, woona amangomva kuti china chake sichili bwino ngakhale sangathe kuchitchula. Mzere womwewu ndiwo umakuuzani kukula kwa munthu: ikani mapazi ake pamene mukufuna aime, kenako mukulitseni kapena kumuchepetsa mpaka mzerewo umudutse pamalo amene ukudutsa anzake a msinkhu wofanana naye.

Podula, musafufute chilichonse ndi Eraser, chifukwa chimene mwafufuta n'kusunga sichibwereranso. Gwiritsani ntchito Layer Mask, imene imangobisa: mukapaka mtundu wakuda mbaliyo imabisika, mukapaka woyera imaonekeranso. Thupi, suti ndi nsapato zili ndi m'mphepete moonekera bwino, ndiye zitsatireni ndi Pen Tool, mukulowa mkati mwa munthuyo ndi pikiselo imodzi kapena awiri kuti musatengeko mtundu wa kumbuyo. Kenako fewetsani m'mphepetemo pang'ono, Feather ikhale pakati pa 0.5 ndi 1. Kamera sijambula mzere wakuthwa kotheratu, choncho munthu wodulidwa mosafewetsa amaoneka ngati kapepala kodulidwa ndi lumo n'kumata. Musaiwale mipata ya pakati pa mkono ndi nthiti ndi ya pakati pa miyendo, mmene khoma la ku Joni limakonda kutsalira.

Tsitsi ndi ndevu zimafuna njira ina. Mu Photoshop tsegulani Select and Mask n'kudutsitsa Refine Edge Brush m'mphepete mwa tsitsi mokha, kuti pulogalamu ilekanitse timaubweya ndi za kumbuyo. Ngati malume anaima kutsogolo kwa khoma loyera, mutu wawo umatsala ndi kamkombero koyera kamene kamaonekera kwambiri mukawaika pamaso pa mitengo yakuda bii. Decontaminate Colors imachotsa kamkomberoko, ngakhale nthawi zina imadetsa tsitsi, ndiye onani zotsatira zake musanapitirire. Ndipo pagulu la anthu, chenjero labwino ndi kuwaimika mzere wa kumbuyo, phewa lawo litabisika pang'ono ndi la munthu wa kutsogolo. Kuphimbana kotereku kumatsimikizira maso kuti anthuwo anaimadi pamodzi.

Ngati mapazi akuoneka, chithunzithunzi n'chofunika kwambiri, ndipo chili pawiri. Choyamba ndi kamdima kakang'ono, kakuda ndithu, kamene kamakhala pamene nsapato yagunda pansi. Popanda kamdimaka munthu amaoneka ngati akuyandama. Chachiwiri ndi chachitali chija chimene dzuwa limaponya. Chiloze komwe za ena zaloza, ndipo kutalika kwake kutsatire za anzake: ngati za iwo zili zazitali kawiri kuposa eni ake, cha malume chikhalenso chotero. Pafupi ndi mapazi chimakhala chakuda ndi chooneka bwino, koma chikamatalikira m'mphepete mwake mumafewa. Chijambuleni pa leya yakeyake kunsi kwa munthuyo, muike pa Multiply, ndipo mtundu wake mutenge pa zithunzithunzi zimene zilipo kale. Wakuda weniweni umaoneka wabodza, chifukwa chithunzithunzi cha panja chimalandirabe kuwala kwa thambo ndipo dothi la pansi limaonekerabe mkati mwake.

Mitundu ibwere pambuyo. Sandutsani kaye chithunzi chonse kukhala chakuda ndi choyera kwa kanthawi, kuti muone kuwala kokha. Suti yakuda ya malume isade kuposa masuti a anzawo, ndipo shati yawo isawale kuposa diresi la mkwatibwi. Konzani zimenezi ndi Curves yomangiriridwa ku leya ya malume yokha. Mukabwezeretsa mitundu, onani ngati dzuwa la madzulo lafiiritsa nkhope za ena, ndipo nawonso muwafiiritse chimodzimodzi. Chotsiriza ndi kufananitsa kuthwa kwa zithunzi ziwirizo. Ngati cha malume chikuoneka bwino kuposa cha gulu, chizimiritseni pang'ono ndi Gaussian Blur, kenako thirani timadontho ta Add Noise mpaka khungu lawo likhale ndi mchenga wofanana ndi wa anthu oyandikana nawo.

Poyesa ntchito yanu, chepetsani chithunzicho chikhale kakang'ono pasikirini, chifukwa zolakwika za kuwala zimaonekera msanga chotero kusiyana ndi pamene mwachikulitsa. Chitembenuzeninso, popeza maso ozolowera amaphonya zambiri. Kenako muonetseni wina amene sakudziwa nkhaniyi, mumufunse kuti woonjezeredwa ndi uti. Mayeso omwewa amathandiza pamene mwalandira chithunzi chokayikitsa pafoni: yang'anani kumapazi, mbali imene zithunzithunzi zagwera, ndi m'mphepete mwa tsitsi. Ndipo poti chithunzi chokonzedwa bwino chimakhulupirika ngati umboni, mwini nkhope ayenera kuvomereza musanamuike pamalo amene sanafikepo.