Mapu Amauza Bwanji Pomwe Pali Chitunda?

Munthu wokwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula angathe kudziwiratu pomwe miyendo ikawawe asanaponde n'komwe njirayo. Chomuuza ndi mizere yabulawuni yokhotakhota imene imadzaza mapu a phirilo, yotchedwa makontuwa.

Mzere uliwonse umalumikiza malo a msinkhu wofanana kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Alimi oika akalozera m'munda wotsetsereka amaidziwa bwino nzeruyi: woyenda motsata kalozera sakwera ndipo satsika. Pamapu, kuchoka pamzere umodzi kufika pa wotsatira ndiko kukwera kapena kutsika mamita ofanana nthawi zonse, ndipo nambala yake imalembedwa m'mphepete mwa pepalalo.

Choncho pomwe mizere yathithikana, nthaka yakwera kwambiri pamtunda waufupi, ndiye kuti m'potsetsereka zedi. Pomwe yatalikirana m'poyendeka bwino. Pachigwa cha Phalombe mizere ndi yapatalipatali. M'mbali mwa Mulanje imapanikizana, ndipo pathanthwe la Chambe imachita kukhudzana. Pamwamba, ku Lichenya, imamasukanso, chifukwa kumeneko ndi kwafulati pang'ono ngakhale kuli kutali ndi pansi. Kutalika kwa malo ndi kutsetsereka kwake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nambala ya 3,002 yolembedwa pa Sapitwa imangonena msinkhu basi.

Wofuna kutsimikiza amatenga rula. Pamapu a sikelo ya 1:50,000, sentimita imodzi imaimira mamita 500 pansi. Mwachitsanzo, ngati mizere ikusiyana ndi mamita 20, ndipo njira yadutsa mipata 10 pasentimita imodzi, ndiye kuti ikukwera mamita 200 pamtunda wa mamita 500. Apa pa mamita asanu alionse oyenda, munthu akwera awiri, chitunda choti wosenza katundu azipumira m'njira. Koma mpata umodzi wokha ukatenga masentimita awiri, kukwerako ndi mamita 20 pakilomita yathunthu, poti njinga yakabaza imangodutsa.

Ambiri amaphonya powerenga. Chowerengedwa ndi mipata, osati mizere: mizere 11 imapanga mipata 10. Ena amayerekezera mapu awiri ndi maso okha, kuiwala kuti sikelo kapena kusiyana kwa mizere kukasintha, phiri lomwelo limaoneka mwina. Mapu ena akale a dziko la Malawi analemba misinkhu m'mafiti, ndipo woyesa kuti ndi mamita amachulukitsa chitundacho kuposa katatu.

Palinso zomwe mapu amabisa. Phompho lakuya mamita 12 lingathe kukhala pakati pa mizere iwiri yosiyana mamita 20 osaoneka konse. Komanso kuthithikana kwa mizere sikunena mbali yomwe kuli kumtunda. Kuti adziwe zimenezo, wowerenga amayang'ana manambala olembedwa pamizere yonenepa, kapena kuona komwe mitsinje ngati Likhubula ikulowera, popeza madzi amatsata kumunsi.