Dzina la mwana likalakwika pa sedula, yambani mwaona zimene zili m'buku la Rejisito

M'midzi ya ku Chiuta, m'boma la Mecanhelas, si zachilendo kupeza mwana mmodzi ali ndi maina olembedwa mosiyana pa mapepala atatu. Kabuku ka kusikelo kochokera ku chipatala cha ku Malawi kalemba Kamwendo, sedula yalemba Camuendo, ndipo kaundula wa kusukulu walemba Camuedo. Nkhaniyi imagona zaka zambiri osavutitsa munthu, kenaka imadzuka mwana akamalembetsa mayeso a kalasi 6 kapena akafuna chitupa cha BI.

Pa mapepala onsewo, boma la Mozambique limamvera limodzi lokha, lomwe ndi tsamba la m'buku la Rejisito Sivili pamene mwana analembedwa koyamba. Pa Chipwitikizi tsambali amalitcha asentu. Sedula imene makolo amasunga kunyumba imangokopera zimene zili pa tsambalo. Choncho choyamba n'kupita ku konsevatoriya, ku likulu la boma ku Insaca, kukapempha seritidau yathunthu ya kubadwa kwa mwanayo. Seritidauyo imaonetsa zonse zili m'buku: dzina la mwana, tsiku lobadwa, maina a makolo ndi a agogo. Ngati mwana analembedwa ku boma lina, monga ku Cuamba, kukonza kudzachitikira m'buku la kumeneko.

Seritidau ikakhala m'manja, banja la Kamwendo lija likhoza kupeza kuti m'buku mulibe cholakwa chilichonse. Camuendo ndi mmene alembi a Chipwitikizi amalembera dzinali, monga momwe Mwale amasandukira Muale ndipo Mbewe amasanduka Mbeue. Ngati chitupa cha bambo chilinso ndi Camuendo, dzina la mwana pamaso pa boma ndi lomwelo, ndipo amene walakwitsa ndi mlembi wa kusukulu amene anasiya chilembo chimodzi. Apa makolo amangotenga seritidau kupita nayo kwa mkulu wa sukulu kuti akonze kaundula satifiketi isanatuluke. Kabuku ka ku Malawi kalibe mphamvu pa buku la Rejisito, ngakhale kakhale kakale kuposa sedula.

Zimasiyana ngati Camuedo walembedwa m'buku momwemo, pamene pa mzere wa bambo pali Camuendo. Kumeneku n'kuphonya kwa cholembera, ndipo lamulo la kalembera, lomwe linakonzedwanso ndi Lamulo nambala 12/2018 la pa 4 Disembala, limapatsa mkulu wa konsevatoriya mphamvu yokonza zolakwa zoonekeratu ngati zimenezi. Kholo limalemba kalata yopempha, n'kuperekanso umboni woonetsa kalembedwe koyenera, monga chitupa cha bambo, seritidau ya bamboyo kapena ya mchimwene wake wa mwanayo. Mkuluyo akakhutira safufuta kapena kung'amba tsamba. Amalemba mawu okonza m'mphepete mwa tsambalo, zomwe amazitcha averibamentu, ndipo seritidau iliyonse yotuluka pambuyo pake imakhala ndi dzina lokonzedwa. Koma cholakwacho chikakhala chachikulu mpaka kukayikitsa ngati mwana wolembedwayo ndi yemweyo, kapena ngati makolo olembedwawo ndi omwewo, nkhani imapita ku khoti la boma.

Nkhani yofala kwambiri kuno ndi ya mwana amene analembetsedwa ndi mayi okha. Bambo anali ku ganyu ku Malawi kapena ku Joni, mwinanso anakana mimba, ndiye mzere wa bambo unatsala wopanda kanthu ndipo mwana anatenga dzina la kuchikazi. Bamboyo akabwera n'kuvomera mwana wake, banja silifunika chilolezo chochokera ku Maputo. Iye mwini amapita ku konsevatoriya ndi chitupa chake n'kukanena pamaso pa mlembi kuti mwanayu ndi wake. Kuvomera kumeneku kumatchedwa perifilyasau. Kumalembedwa m'mphepete mwa tsamba lija, ndipo dzina la bambo likhoza kuwonjezedwa pa la mwana. Pamenepo ndi bwino kunena momveka dzina lonse limene makolo akufuna kuti mwana azidziwika nalo, ndi kuliwerenga chilembo ndi chilembo asanasayine. Bambo akakana, mayi akhoza kukadandaula ku ofesi ya Prokuradoriya, ndipo khoti ndi limene limagamula kuti bambo ndani. Amene alibe ndalama ya loya amathandizidwa ndi a IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu.

Kuvomera mwana si kumupatsa dzina lokha. Bambo amene wasayina amasenza udindo womulera ndi kumudyetsa, ndipo mwanayo amakhala ndi gawo pa chuma chake chamasiye. N'chifukwa chake njirayi ndi ya bambo womubereka basi. Mwamuna watsopano wa mayi, ngakhale akhale wachifundo chotani, sayenera kukanama kuti mwana ndi wake pofuna kuti ana onse pakhomo akhale ndi dzina limodzi. Ngati akufunadi kumutenga kukhala wake, lamulo la za banja lili ndi njira yake yodzera ku khoti. Ndipo ngati m'buku muli kale dzina la mwamuna wina monga bambo, palibe mlembi amene angalichotse popanda chigamulo cha khoti, ngakhale ankhoswe a mbali zonse atagwirizana.

Palinso kusintha dzina kumene sikuchokera pa cholakwa kapena pa kuvomera mwana. Mwina ukwati watha ndipo akuchikazi akufuna mwana atenge dzina la kwawo, mwina dzina limene anapatsidwa likumuchititsa manyazi kusukulu. Pa mwambo wa kuno mawu a amalume amalemera, koma ku Rejisito amene amapempha m'malo mwa mwana wamng'ono ndi makolo ake kapena womulera wovomerezeka ndi lamulo. Pempho limaperekedwa ku konsevatoriya pamodzi ndi seritidau yathunthu ndi chifukwa chomveka, koma chilolezo chimachokera ku Maputo, ku nthambi ya Unduna wa Zachilungamo yotchedwa Direcção Nacional dos Registos e Notariado. Chilolezocho chimasindikizidwa m'nyuzi ya boma ya Boletim da República, kenaka chimalembedwa m'mphepete mwa tsamba la mwanayo. Njirayi ndi yaitali ndiponso yodya ndalama kuposa zinazo. Amene mwana wake watsala miyezi iwiri kuti alembe mayeso asaiyembekezere kuti imupulumutsa chaka chomwecho. Ndipo kuchotsa dzina la bambo pa dzina la mwana sikuchotsa bamboyo pa mzere wake m'buku.

Poona kutalika kwa njirayi, mabanja ena amadutsa chidule. Gulu la kalembera likafika m'mudzi, amakamulembetsanso mwana ngati sanalembedwepo, ndi dzina limene akulifuna. Tsiku limenelo zimaoneka ngati zatheka. Koma mwanayo amakhala ndi masamba awiri, kawirikawiri okhala ndi masiku obadwa osiyana, pamene satifiketi yake ya kusukulu ili pa dzina lakale. Popeza tsopano kalembera akulowetsedwa m'makompyuta ndipo munthu aliyense akupatsidwa nambala yake imodzi yotchedwa NUIC, kulembetsa kawiri sikubisika monga kale. Kukadziwika, tsamba limodzi liyenera kufafanizidwa mwalamulo, ndipo wonena bodza pamaso pa mlembi akhoza kuimbidwa mlandu.

Averibamentu ikalembedwa ntchito imakhala isanathe, chifukwa maofesi ena sadziwa okha kuti dzina lasintha. Kholo limatenga seritidau yatsopano n'kupita nayo kusukulu, kenaka ku ofesi ya zitupa za BI ngati mwanayo anali nacho kale. Ndalama iliyonse yolipira ku konsevatoriya ikhale ndi risiti, ndipo sedula yakale isakhudzidwe ndi cholembera kunyumba, chifukwa pepala lofufutidwa amalikana pa ofesi.