Ndime zopanda mwini

Mtsikanayu anali m'semesita yake yoyamba pa yunivesite ina kuno kwathu, ndipo asayimenti yoyamba ya phunziro la mbiri yakale inali ndi funso limodzi lokha: fotokozani zomwe zinayambitsa njala ya 1949 ku Nyasaland. Anapatsidwa masabata atatu. Analemba usiku kuhositelo, pa laputopu yobwereka, foni ili pambali yotsegula masamba a pa intaneti. Akapeza ndime yomveka bwino ankaikopera, n'kuimata m'nkhani yake, n'kuilumikiza ndi ziganizo zakezake. Kumapeto analemba mayina a mabuku anayi omwe anawaona akutchulidwa m'masambawo.

Tsiku lopereka, anatumiza ntchitoyo kudzera pa Turnitin monga analamulira mphunzitsi. Patapita kanthawi panatuluka kabokosi kachikasu, pambali pake 46%. Dipatimenti yawo inali itanena kale kuti ntchito yopitirira 20 peresenti iziyamba yaunikidwa isanachongedwe. Mmawa mwake analandira uthenga woti akaonekere ku ofesi.

Iye sankadziona ngati wakuba, ndipo ine ndikumumvetsa. Kuyambira fomu wanu mpaka mayeso a MSCE, mwana wanzeru ndi amene waloweza manotsi a aphunzitsi n'kuwabweza ndendende pa pepala. Palibe yemwe anamufunsapo kuti manotsiwo anachokera m'buku liti. Luso lomwe linamufikitsa ku yunivesite ndi lomweli limene linamugwetsa m'mwezi wachiwiri, popanda womuchenjeza mokwanira.

Mnzake wa chaka chachitatu anamupatsa nzeru imene imayenda kwambiri m'makoleji: sintha mawu, pomwe alemba "chifukwa" iwe ulembe "kaamba ka", tembenuza ziganizo, nambala itsika yokha. Usiku womwewo anayesa pa ndime imodzi, n'kupita nayo ku ofesi ngati umboni woti wayamba kukonza.

Mphunzitsiyo, mayi wachikulire, sanayambe ndi kukalipa. Anatembenuza kompyuta kuti aonere limodzi lipoti lonse, chifukwa nambala ya pamwamba ija payokha sinena zambiri. Turnitin sidziwa kuba. Imangoyerekeza mawu a ntchito yako ndi zomwe ili nazo m'nkhokwe mwake: masamba a pa intaneti, mabuku ndi nkhani za akatswiri zosindikizidwa, komanso ntchito zomwe ophunzira ena anatumiza kale. Paliponse pomwe mawu atsatana mofanana imapaka mtundu ndi kuikapo nambala yolozera komwe afananako. Kabokosi kaja kamakhala kobiriwira ngati kufananako sikupitirira 24 peresenti, kachikasu kuyambira 25 mpaka 49, kamtundu wa lalanje mpaka 74, kenako kofiira. Woweruza ngati pali kuba ndi munthu amene akuwerenga lipotilo.

Mayiwo anadina Exclude bibliography, mndandanda wa mabuku uja n'kuchoka m'chiwerengero. Anamuonetsanso kuti funso la asayimenti ndi tsamba lachikuto zinapakidwa mtundu chabe chifukwa kalasi yonse inalemba mawu omwewo. Izi sizinali mlandu. Kenako anadina Exclude quotes, lomwe limachotsa mawu onse otsekeredwa m'mitengero, tizizindikiro tija timasonyeza kuti awa ndi mawu a wina. Nambala sinasunthe n'komwe, pakuti m'nkhani yonse munalibe mtengero ngakhale umodzi. Zinatsala ndime zitatu zathunthu, zofiirira kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, zonse zochokera patsamba limodzi la pa intaneti.

"Madamu, koma mabuku ndawalemba kumapetoku," anatero mtsikanayo.

"Ndawaona. Tsono tandiwerengera ndime yachiwiriyi, undiuze akulankhula apa ndani."

Ndimeyo inkanena kuti njala inadza chifukwa anthu anachulukana, nthaka inaguga, ndipo alimi anatanganidwa ndi fodya n'kusiya chimanga. Mtsikanayo anati ndi zomwe zinachitika basi. Mayiwo anatenga buku pashelefu, The Story of an African Famine la Megan Vaughan, losindikizidwa mu 1987, limodzi mwa anayi omwe iye analemba kumapeto asanawatsegule. Anamufotokozera kuti maganizo a kuchulukana kwa anthu ndi fodya anali mafotokozedwe a nthawi ya atsamunda, omwe akuluakulu a boma ndi azungu ena ankakangana nawo njala ili mkati. Vaughan anawatchula pofuna kuwayesa, ndipo anapeza kuti sakwanira kufotokoza chifukwa chake ena anafa pomwe ena anapulumuka. Iye anapita m'midzi ya m'boma la Blantyre, kumene njalayo inavuta kwambiri, nakacheza ndi okalamba ndi kumvetsera nyimbo zapamtondo. M'nyimbomo amayi ankakumbukira amuna omwe anachoka kuchikamwini, ena ati kukasaka chakudya, osabwereranso, akazi n'kutsala okha ndi ana.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Tsamba la pa intaneti lija linafupikitsa buku, n'kutaya mawu osonyeza kuti awa anali maganizo a atsamunda. Mtsikanayo anakopera tsambalo n'kutayanso dzina la tsambalo. Pofika pa desiki ya mphunzitsi, mlandu womwe atsamunda ankaimba alimi a ku Nyasaland unali utasanduka mawu a mdzukulu wa alimiwo, onenedwa ngati choona chosatsutsika. Iye sanafune kunena zimenezo. Anazinena chifukwa atachotsa dzina la mwini mawu, iye mwini sanathenso kudziwa kuti akuyankhula m'malo mwa yani.

Pabwalo la mfumu, mboni ikanena kuti mbuzi inalowa m'munda, funso loyamba limakhala lakuti unaona wekha kapena wamva kwa ndani. Mboni yokana kutchula komwe yamva saiwerengera, ngakhale ikunena zoona, chifukwa palibe njira yotsimikizira. Dzina ndi chaka m'mabulaketi zimayankha funso lomwelo. Wowerenga atha kupita kulayibulale, kutsegula tsamba lomwe watchula, n'kuona ngati wamva bwino. Atha kuyeza kulemera kwa umboniwo: kodi ndi lipoti la bwanamkubwa, kafukufuku wa katswiri, kapena zolemba za munthu wosadziwika pa intaneti? Ndiponso mphunzitsi amaona pomwe mawu a ena athera ndi pomwe nzeru zako zayambira, pakuti malikisi amaperekedwa pa gawo lakolo. Ulemu kwa mwini ntchito uli pomwepo: Vaughan anayenda m'midzi, amayi aja anamuimbira zowawa zawo, ndipo sichilungamo kuti zonsezo zioneke ngati zinatulukira m'mutu mwa munthu amene anangokhala pa laputopu usiku umodzi.

Mtsikanayo anatulutsa ndime yomwe anaisintha mawu ija. Mayiwo anaiika pambali pa yoyamba, n'kumuuza aloze ndi chala. Mfundo yoyamba inali pamalo omwewo, yachiwiri pomwepo, chitsanzo chomwecho, ziganizo zotalika mofanana. Mawu okha ndi omwe anavala zina. Turnitin mwina sikanaigwira yonse, koma kukanakhala kuba ndithu, ndipo kuba kwadala tsopano. Nambala yotsika sichizindikiro cha ntchito yoyera, monganso nkhani yokhala ndi mawu ambiri ogwidwa bwinobwino m'mitengero imatha kukwera nambala popanda cholakwa. Mphunzitsi wodziwa phunziro lake amagwira zoterezi ndi maso: Chingerezi chimasintha mwadzidzidzi pakati pa tsamba, pamatuluka liwu lomwe wolemba sangathe kulimasulira akafunsidwa, kapena liwu lolowetsedwa mokakamiza lomwe lapotoza tanthauzo.

Njira yomwe anamuphunzitsa inali yosavuta kuinena. Werenga gawolo mpaka ulimve, tseka buku, lemba zomwe wamva ngati ukufotokozera mnzako, kenako tsegulanso kuti uone ngati sunapotoze kapena kutengera ziganizo. Ukatero ikabe dzina, chifukwa mawu ndi ako koma ganizo ndi la mwini. Dipatimenti yawo inkatsata kalembedwe ka APA, kotero pakutha pa mfundo amalemba (Vaughan, 1987), ndipo tsatanetsatane wa bukulo amapita kumapeto. Ukatenga mawu enieni, uwatsekere m'mitengero n'kuwonjezera p. ndi nambala ya tsamba. Akafika 40 kapena kupitirira, APA imati aime paokha ngati ndime yolowera mkati, yopanda mitengero. Mndandanda wa kumapeto wokha sukwanira, chifukwa suuza wowerenga kuti chiganizo chiti chachokera m'buku liti.

Anafunsa ngati chiganizo chilichonse chizikhala ndi mabulaketi. Ayi. Zoti Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964 n'zodziwika kwa aliyense, sizifuna mwini. Koma ukalemba kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, tchula National Statistical Office, pakuti chiwerengerocho alipo anachiwerenga. Chimodzimodzi kumasulira: kutenga ndime ya Chingerezi n'kuiika m'Chichewa sikuisandutsa yako.

Malamulo a chilango amasiyana pa sukulu iliyonse, kuyambira kubwereza ntchito, kupatsidwa ziro, mpaka kuchotsedwa, ndipo wophunzira aliyense ayenera kuwerenga a pasukulu pake. Mlanduwu suthanso ndi digiri. Karl-Theodor zu Guttenberg anali nduna ya zachitetezo ku Germany pamene zinadziwika kuti mbali zambiri za kafukufuku wake wa udokotala zinali zokopera. Yunivesite ya Bayreuth inamulanda digiriyo mu Febuluwale 2011, ndipo pa 1 Malichi anatula pansi udindo.

Poti kanali koyamba, mtsikanayo analoledwa kulembanso m'sabata imodzi, koma malikisi ake sakanapitirira ongokhozera. Anabwereka buku la Vaughan n'kuwerenga mitu yokhudza funsolo. M'kope mwake anagawa tsamba pawiri: kumanzere mawu enieni a wolemba m'mitengero ndi nambala ya tsamba, kumanja zomwe iye akuganiza. Kukopera kwambiri kumayambira pa manotsi osakanizika, munthu n'kuiwala kuti chiganizo chokoma chija sichinali chake. Ndime yachiwiri ija, tikaiika m'Chichewa, inatuluka motere: akuluakulu a nthawiyo ankaloza chala kuchulukana kwa anthu ndi ulimi wa fodya, koma Vaughan (1987) akusonyeza kuti zimenezi sizifotokoza chifukwa chake amayi osiyidwa ndi amuna awo anavutika koposa. Pansi pake anawonjezera mfundo yakeyake, yoti kulephera kwa mvula kumayambitsa kusowa, koma chomwe chimasankha wofa ndi njala ndi mmene chakudya chotsalacho chikugawidwira.

Lipoti lachiwiri linatuluka lobiriwira. Komabe mayiwo anazunguliza ndi cholembera malo amodzi pomwe iye anatchula lipoti la boma la atsamunda ngati kuti analiwerenga yekha, chonsecho analipeza m'buku la Vaughan. Anamuuza kuti zikatero APA imafuna utchule lipotilo m'chiganizo, kenako ulembe as cited in Vaughan, 1987, ndipo kumapeto uike buku lokhalo lomwe unaligwira m'manja. Mabuku atatu aja omwe sanawatsegule anawafufuta pamndandanda asanatuluke mu ofesimo.