Kanema mmodzi pa sabata: yambani ndi kope, foni pambuyo

Achinyamata ambiri amene amayamba kujambula makanema otsatsa malonda amathera pa sabata yachitatu. Woyamba amatuluka mwachimwemwe, wachiwiri mochedwa, wachitatu osaoneka n'komwe. Si foni imene imawagwetsa ayi, koma kudzuka Lolemba osadziwa choti ajambule. Nditapatsidwa mphindi khumi zoti ndiyankhule ku kalabu ya achinyamata, ndikhoza kuyamba ndi kuwauza kuti foni aiike kaye m'thumba, atenge kope ndi cholembera.

Tiyerekeze kuti kalabu yanu ikufuna kuthandiza mayi wina wosoka zovala pamsika. Khalani nawo pansi muwafunse kuti, "Amayi, kodi makasitomala amakufunsani chiyani tsiku ndi tsiku?" Mayankho sachedwa. Diresi yaitali imafuna zitenje zingati? Chitenje chosasuluka ndingachidziwe bwanji? Kodi ndingatumize muyezo ndili kutali? Yunifolomu ya mwana imatenga masiku angati? Funso lililonse ndi kanema mmodzi, ndipo mukalemba mafunso 8 mwapeza ntchito ya miyezi iwiri. Musanafike pa 8, musajambule chilichonse.

Kenako mafunsowo muwayale pa kalendala molingana ndi nyengo. Kanema wa yunifolomu atuluke mu Ogasiti, makolo asanayambe kuthamanga sukulu zikamatsegulidwa mu Seputembala. Wa zovala za mphatso atuluke kumapeto kwa Seputembala, poti Tsiku la Anakubala ndi pa 15 Okutobala ndipo telala amafunika nthawi yosoka. Kanema wotuluka tsiku la chikondwerero lenilenilo wachedwa kale. Sankhaninso tsiku limodzi ndi ola limodzi, tinene Lachisanu madzulo, anthu azolowere.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti makanema anayi a mwezi wonse ajambulidwe tsiku limodzi. Mawa lake magetsi angazime, wojambula angapite kumaliro, mayi aja angapanikizike ndi zovala za chinkhoswe. Mukakhala ndi atatu osungira, Lachisanu silikupezani chimanjamanja.

Tsiku lojambulalo, tengani funso la muyezo lija. Kanema asapitirire mphindi imodzi, ndipo foni muigwire choimika. Mawu oyamba akhale funso lenilenilo: "Muli ku Joni koma mukufuna diresi yosokedwa kuno?" Moni wautali ndi mbiri ya shopu zimathawitsa anthu, chala chimangopitirira. Kenako mayi aja aonetse ndi tepi poyeza pachifuwa, m'chiuno ndi kutalika, foni itayandikira kuti manambala a pa tepi aziwerengeka. Pomaliza anene chinthu chimodzi chokha choti woonera achite: atumize miyezo itatuyo pa WhatsApp. Mtengo musautchule pakamwa. Ulembeni m'munsi mwa kanema, chifukwa nsalu ikakwera mtengo kanemayo mudzathabe kumugwiritsanso ntchito.

Zinthu ziwiri zimaononga ntchito yabwino. Choyamba ndi kuwala: mayi akakhala chofulatira khomo, nkhope imada bii ngati chithunzithunzi, choncho ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, wojambula ndiye afulatire khomo. Chachiwiri ndi phokoso. Chigayo chapafupi kapena wailesi ya mnzanu wa pasaluni zimameza mawu onse. Jambulani m'mawa msika usanadzaze, ndipo mverani kanema woyamba musanapitirize. Nyimbo za oimba zisiyeni, chifukwa zili ndi eni ake ndipo Facebook imatha kuzimitsa mawu a kanema yense. Kasitomala amene wabwera kudzayesa diresi musamujambule asanavomere, ndipo mwana musamujambule popanda chilolezo cha kholo lake.

Za bandulo nazo muziganizire. Kujambula pa 720p n'kokwanira pa foni, ndipo kanema sakhala wolemera potumiza. Dziwaninso kuti Status ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana nawo manambala. Choncho kanema yemweyo muikenso pa tsamba la Facebook kapena TikTok, kumene mlendo angamupeze ngakhale patapita mwezi.

Nanga mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Osati ndi chiwerengero cha oonera, poti anzanu 200 akhoza kuonera osasoketsa ngakhale mpango. Mayi aja azifunsa kasitomala watsopano aliyense kuti, "Mwatidziwa bwanji?" ndipo yankho alilembe m'kope lomwe lija. Pakatha masabata 8 khalani pansi muwerenge. Ngati kanema wa muyezo wabweretsa maoda atatu pamene wa zitenje sanabweretse kanthu, mwadziwa mbali yoti muonjezere mwezi wamawa.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Musanachoke pa msonkhano wa kalabu sabata ino, gwirizanani bizinesi imodzi, wojambula mmodzi ndi wosunga kope mmodzi, kenako mukafunse mafunso 8 aja.